Gawo la kampani lomwe limabisala m'maodi a mpira

Mukapita kwa ejenti kukatapa ndalama za pafoni, pakhoma pamakhala pepala losonyeza kuti mukatapa zakutizakuti adula zakuti. Mutha kudandaula kuti akudula zambiri, komabe mtengo wake mwauona ndi maso anu. Kobetcha mpira kulibe pepala lotere. Munthu amaika K1,000 pa tikiti, tikitiyo n'kulembedwa K1,000 yomweyo, ndipo amachoka akuganiza kuti sanadulidwe kanthu. Koma kampani yobetchetsa ili ndi antchito, lendi, misonkho ndiponso eni ake ofuna phindu. Ndalama zonsezo zimachokera pa gawo lomwe kampani imadula pa kubetcha kulikonse, ndipo gawolo lili m'kati mwa maodi enieniwo. Kulipeza sikulira sukulu yambiri. Pamangofunika kugawa katatu ndi kuphatikiza kamodzi, pa kakyuleta ya m'foni yomweyo imene mumabetchera.

Tiyambe ndi kandalama kachitsulo, poti apa palibe angatsutse. Mukakaponya m'mwamba kamagwa mutu kapena tambala, ndipo mwayi wa mbali iliyonse ndi theka. Anthu awiri atabetcherana okha K1,000 aliyense, wopambana angatenge K2,000 yonse. M'chiyankhulo cha maodi, imeneyo ndi 2.00 mbali zonse. Tsopano pakati pawo paime munthu wachitatu wosunga ndalama, anene kuti iye alipira 1.90. Alandira K2,000, apereka K1,900 kwa wopambana, ndipo K100 yatsala m'thumba mwake, kaya kagwa mutu kaya tambala. Sanabetche, sanalosere chilichonse. Wangogulitsa chinthu cha 2.00 pa 1.90. Bizinesi yonse ya makampani obetchetsa ndi imeneyi, kungoti mu mpira zotsatira zimakhala zitatu ndipo mwayi wake sufanana, n'chifukwa chake kudulako sikuonekera msanga.

Msika womwe ambiri timauona poyamba ndi uja amaulemba kuti 1X2. Nambala 1 ikuimira kupambana kwa timu ya pakhomo, X ndi kulepherana, 2 ndi kupambana kwa alendo. Mphindi 90 ndi zoonjezera za woimbira zikatha, chimodzi mwa zitatuzi chimakhala chitachitika. Sizingachitike ziwiri, ndipo sizingalephere zonse. Mfundo imeneyi ndiyo msanamira ya masamu onse otsatirawa: mwayi wa zinthu zitatuzi ukaphatikizidwa uyenera kukwana 100 peresenti ndendende. Ukapitirira, chopitiriracho sichinachokere m'bwalo la mpira. Wina wachiikamo.

Tiyerekeze kuti Bullets ikulandira Wanderers pa Kamuzu Stadium, ndipo maodi ali motere: Maule 2.00, kulepherana 3.20, Manoma 4.00. Manambalawa ndawasankha ndekha kuti agawike bwino, si a gemu inayake, ndipo a Noma asaone ngati ndapeputsa timu yawo. Odi iliyonse ili ndi mwayi womwe ikunena. Kuti muupeze, gawani 1 ndi odiyo.

```
1 ÷ 2.00 = 0.5000
1 ÷ 3.20 = 0.3125
1 ÷ 4.00 = 0.2500
           1.0625
```

Kunena kwina, maodiwa akuti Bullets ili ndi mwayi wa 50 peresenti, kulepherana 31.25 peresenti, Wanderers 25 peresenti. Zonse pamodzi ndi 106.25 peresenti. Gemu imodzi singakhale ndi mwayi woposa 100, choncho 6.25 yapamwambayo ndi chidindo cha kampani.

Kwa amene maperesenti amawazunguza mutu, iwerengeni ndi makwacha. Tinene kuti mukufuna kulandira K10,000 zivute zitani, ndiye mwabetcha zotsatira zonse zitatu. Pa Bullets muyenera kuika K5,000, chifukwa K5,000 kuchulukitsa ndi 2.00 ndi K10,000. Pa kulepherana muika K3,125. Pa Wanderers muika K2,500. Mwatulutsa K10,625 kuti mulandire K10,000. Tikiti imodzi mwa zitatuzo iwina ndithu, koma mubwerera kunyumba mutaperewera K625. Pamenepa palibe tsoka, palibe woimbira wokondera, palibe goloboyi wogona. K625 imeneyo ndi mtengo wa kubetcha.

Apa pali kachinthu komwe ambiri amasokoneza, ngakhale ena olemba za mpira. K625 ija mutha kuiyerekeza ndi zinthu ziwiri. Mukaiyerekeza ndi K10,000 yomwe mwalandira, ndi 6.25 peresenti, chopitirira chija. Mukaiyerekeza ndi K10,625 yomwe munatulutsa, ndi 5.88 peresenti. Nambala yachiwiriyi ndiyo imayankha funso lomwe wobetcha amafunsa, lakuti pa K100 iliyonse yomwe ndaika kampani ikutengapo zingati. Njira yachidule yoipezera ndi iyi:

```
1 ÷ 1.0625 = 0.9412
1 − 0.9412 = 0.0588
```

Pa K100 iliyonse, pafupifupi K94 imabwerera kwa obetcha ndipo pafupifupi K6 imatsala. Chopitirira chikakhala chaching'ono manambala awiriwa amayandikana, moti kuwasokoneza si mlandu waukulu. Chikakula amatalikirana. Msika wokwana 125 peresenti uli ndi chopitirira cha 25, koma kampani imatenga K20 pa K100. Poyerekeza makampani awiri gwiritsani nambala iliyonse mwa ziwirizi, bola ikhale yomweyo mbali zonse.

Tsopano titembenuke, tione nkhaniyi kuchokera kuseri kwa kauntala. Kampani siyamba ndi 2.00. Imayamba ndi kuyerekeza mwayi weniweni, pogwiritsa ntchito zotsatira zam'mbuyo, zigoli zomwe timu imamwetsa ndi kumwetsedwa, osewera ovulala, komanso mitengo yomwe makampani ena aika. Kenako imameta. Ife titha kubwerera m'mbuyo n'kuona pomwe inayambira, pogawa mwayi uliwonse ndi 1.0625. Bullets itsika kuchoka pa 50 kufika pa 47.06 peresenti, kulepherana pa 29.41, Wanderers pa 23.53, ndipo tsopano zikukwana 100. Maodi opanda gawo la kampani akanakhala 2.125, 3.40 ndi 4.25. Ayerekezeni ndi omwe ali pa foni: 2.00, 3.20 ndi 4.00. Paliponse pametedwa pang'ono, pang'ono kwambiri moti diso siliona.

Maperesenti atatuwa ali ndi tanthauzo losavuta. Gemu yomweyi itaseweredwa ka 17, Bullets ingapambane ka 8, angalepherane ka 5, Wanderers ingapambane ka 4. Tengani anthu atatu, aliyense aziika K1,000 pa gemu iliyonse. Wa Maule atulutsa K17,000, awina ka 8 pa K2,000, alandira K16,000. Wokonda X awina ka 5 pa K3,200, alandira K16,000. Wa Noma awina ka 4 pa K4,000, nayenso alandira K16,000. Atatu onsewo, ngakhale akangane bwanji za amene amadziwa mpira, aliyense wataya K1,000 pa K17,000. Ndi 5.88 peresenti ija. Taonaninso wa Maule uja: wawina pafupifupi theka la matikiti ake, anzake amamutama kuti amautha mpira, koma ali pa ngongole. Kuti angobweza ndalama zake pa 2.00 amayenera kuwina theka lenileni, pamene mwayi wake unali wochepera pa theka. Kampata kakang'ono kameneko ndiye munda wa kampani.

Pali chikhulupiriro chakuti kampani imalinganiza ndalama mbali zonse kuti isaluze gemu iliyonse. Zitatero zingakhale motere: K500,000 pa Bullets, K312,500 pa kulepherana, K250,000 pa Wanderers. Yalandira K1,062,500, ndipo chilichonse chichitike ilipira K1,000,000, n'kutsala ndi K62,500. Koma anthu sabetcha mwa dongosolo lotere. Amakhamukira ku timu yomwe amaikonda. Tinene kuti pa K1,062,500 yomweyo, K800,000 yapita pa Bullets, K150,000 pa kulepherana, K112,500 pa Wanderers. Bullets ikapambana kampani ilipira K1,600,000, kuluza K537,500 tsiku limenelo. Akalepherana itsala ndi K582,500, ndipo Wanderers ikapambana itsala ndi K612,500. Werengerani pa magemu 17 aja: kuluza ka 8, kupindula ka 9, ndipo mukagawa zotsalazo mupeza K62,500 pa gemu, yomwe ija. Kampani imaluza masiku ena, ndipo anthu amavina m'mashopu obetchera masiku amenewo. Chomwe imafuna ndi magemu ambiri ndi obetcha ambiri basi, popeza gawo lake limaonekera pa unyinji. Mu 2004 katswiri wa zachuma wa ku America, Steven Levitt, atafufuza kubetcha pa mpira wa kwawoko, anaonetsa kuti obetchetsa nthawi zambiri salinganiza n'komwe. Amalola dala kuti ndalama zichuluke mbali imodzi akadziwa kuti anthu akukokedwa ndi chikondi cha timu. Ndalama zikachulukitsa, kapena ikamveka nkhani yakuti womwetsa zigoli wavulala, amasuntha maodi, kutsitsa apa n'kukweza apo, koma mukaphatikizanso mupeza kuti chopitirira chikadalipo.

Kufikira pano ndakhala ndikuchita ngati kampani imameta mofanana paliponse. Apa ndi pomwe njira yathu ili ndi malire, ndipo ndi bwino kuwadziwa. Kuphatikiza kuja kumakuuzani kukula kwa gawo lonse, koma sikukuuzani kuti lalemera mbali iti. Matimu akakhala oyandikana mphamvu kusiyana kwake n'kochepa. Wamkulu akakumana ndi wamng'ono nkhani imasintha. Kuyambira mu 1949, pamene Richard Griffith analemba za kubetcha pa mijaha ya akavalo ku America, ofufuza akhala akupeza chinthu chimodzimodzi m'misika yambiri, ya mpira yomwe: obetcha pa maodi akuluakulu amataya gawo lalikulu la ndalama zawo kuposa obetcha pa maodi ang'onoang'ono.

Tengani gemu ya maodi awa: timu yaikulu 1.25, kulepherana 5.50, timu yaing'ono 11.00. Kugawa kwathu kutipatsa 80 peresenti, 18.18 ndi 9.09, zonse pamodzi 107.27. Tikameta mofanana ngati poyamba, tinganene kuti odi yoyenera ya timu yaing'ono ndi 11.80, ndipo 11.00 ioneka ngati siili kutali. Koma pali njira ina yogawira chopitiriracho, yomwe imatsatira zimene ofufuza aja anapeza. Gawani 7.27 patatu, muchotse 2.42 pa chotsatira chilichonse. Timu yaikulu itsala ndi 77.58 peresenti, kulepherana 15.76, timu yaing'ono 6.67. Mwayi wa 6.67 peresenti ndi kamodzi pa 15, kutanthauza kuti odi yoyenera inali 15.00. Woika K1,000 pa 11.00 ka 15 atulutsa K15,000 n'kulandira K11,000. Wataya zoposa K26 pa K100 iliyonse, pamene wobetcha pa 1.25 wataya K3 yokha. Gemu ndi imodzi, chopitirira ndi chimodzi, koma katundu wasenzetsedwa wofuna kulemera ndi tikiti imodzi.

Njira yachiwiriyi nayo ndi kuyerekeza chabe, si sikelo yeniyeni. Akatswiri ali ndi zina zovuta kuposa apa, monga ya Hyun Song Shin wa ku Korea, yemwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anafotokoza kuti wobetchetsa amameta kwambiri maodi akuluakulu podziteteza kwa anthu odziwa zam'kati. Chifukwa chake n'chomveka. Akalakwitsa pa 1.25 alipira pang'ono, koma akalakwitsa pa 11.00 alipira zambiri. Komanso munthu amene akulota za K11,000 safunsa ngati inayenera kukhala K15,000. Anthu amakumbukira Leicester City, yomwe inatenga ligi ya ku England mu 2016 makampani ena ataipatsa mwayi umodzi pa 5,000, koma sakumbukira matimu ena onse a maodi otere omwe sanafike kulikonse. Kwa ine phunziro lake ndi lakuti nambala yomwe mwapeza pophatikiza muziitenga ngati yapakatikati. Pa odi yaing'ono mukudulidwa zocheperapo, pa odi yaikulu zoposa.

Zonsezi n'zazing'ono poyerekeza ndi zomwe zimachitika pa tikiti ya magemu ambiri, yomwe ndiyo imakondedwa kwathu kuno chifukwa K200 imatha kulonjeza mamiliyoni. Pa tikiti yotere maodi amachulukitsidwa, ndipo aliyense amadziwa zimenezo. Chomwe sichinenedwa n'chakuti kumeta nako kumachulukitsidwa. Gemu iliyonse ikamabweza 0.9412 ya ndalama, magemu awiri abweza 0.9412 kuchulukitsa ndi 0.9412, yomwe ndi 0.886. Magemu asanu abweza 0.739. Magemu khumi abweza 0.545. Tikiti ya magemu khumi, iliyonse yodulidwa 5.88 peresenti yokha, imasiyira kampani zoposa K45 pa K100 iliyonse. Ya magemu 15 imasiya pafupifupi K60. Mawu aja akuti gemu imodzi yandiphera tikiti amamveka ngati tsoka la munthu mmodzi, koma ndi mmene tikiti yotere inapangidwira. N'chifukwa chake makampani amapereka bonasi kwa woonjezera magemu, osati kwa wobetcha gemu imodzi. Bonasiyo mutha kuiyesanso. Kuti ibweze zonse zomwe zametedwa pa magemu asanu a chitsanzo chathu iyenera kukhala 35 peresenti, ndipo pa magemu khumi 83 peresenti. Ikachepera apo, akubwezerani gawo chabe la zomwe adula.

Masamu omwewa amagwira munthu amene amabetcha gemu imodziimodzi koma n'kumabwezera zonse zomwe wawina. K10,000 yozungulira kakhumi imadulidwa kakhumi, ndipo mwa anthu ambiri ochita zimenezi, pa aliyense pamatsala pafupifupi K5,450.

Powerengera pali misampha ingapo, ndipo zizindikiro zake n'zosavuta. Mukapeza nambala yoyandikira 200, mwina mwatenga maodi a 1X, 12 ndi X2, pomwe chotsatira chilichonse chawerengedwa kawiri. Pamenepo gawani ndi 2 musanachotse 100. Mukapeza nambala yochepera 100, musathamangire kuganiza kuti mwatola chikwama. Kawirikawiri mwaiwala X, kapena mwatenga odi ina m'mawa ina madzulo, kapena mwasakaniza msika wa mphindi 90 ndi wa timu yomwe ipitirire m'chikho, womwe umawerengera nthawi yoonjezera ndi mapenate. Maodi atatuwo akhale a kampani imodzi, a msika umodzi, a nthawi imodzi. Abale omwe ali ku Britain amakumana ndi maodi olembedwa ngati 11/5 kapena 3/1. Amenewa amangonena phindu lokha, choncho gawani nambala yapamwamba ndi yapansi, muonjezere 1. Mukatero 11/5 ikhala 3.20 ndipo 3/1 ikhala 4.00, zomwe zija. Msonkho womwe boma limadula pa zowina suli m'masamu awa. Umabwera pamwamba pake.

Nanga nambalayi mukaipeza muitani nayo? Choyamba imakuthandizani kuyerekeza. Kampani ina itaika gemu yathu ija pa 2.05, 3.10 ndi 3.60, diso lingathamangire pa 2.05 n'kuona ngati ndi yowolowa manja. Kuphatikiza kutipatsa 108.8 peresenti, kutanthauza kuti imadula zambiri kuposa yoyamba ija. Komabe tinene zoona: ngati mwatsimikiza kubetcha pa Bullets yokha, 2.05 iposa 2.00, ngakhale zonse ziwiri n'zochepera pa 2.125. Yesaninso misika yosiyanasiyana pa kampani imodzi. Kawirikawiri mupeza kuti magemu a maligi akuluakulu a ku Ulaya, omwe makampani amalimbirana makasitomala ndipo amawadziwa bwino, ali ndi chopitirira chaching'ono kuposa a maligi ang'onoang'ono. Misika ya zotsatira zambiri, monga kulosera zigoli zenizeni kapena womwetsa chigoli choyamba, ndiyo imadulidwa kwambiri, chifukwa ndani angakhale pansi kuphatikiza maodi 30?

Chomwe nambalayi singachite ndi kukuuzani timu yomwe ipambane. Ndikunena izi motsindika chifukwa alipo anthu ogulitsa maulosi pafoni amene amatchula maperesenti ngati awa kuti aoneke odziwa. Kuchotsa gawo la kampani kumangokuonetsani zomwe kampaniyo ikuganiza za gemuyo. Kuti mupindule pa 2.00, muyenera kudziwa kuti mwayi wa Bullets uposa 50 peresenti pamene kampani, ndi makompyuta ake ndi mbiri ya magemu zikwizikwi, ikuti 47. Muyenera kuiposa ndi mpata woposa gawo lake, osati kamodzi, koma chaka chonse. Anthu otero ndi ochepa kwambiri, ndipo makampani akawazindikira amawachepetsera ndalama zomwe angabetche.

Sindikuona cholakwa kuti wochita bizinesi adule gawo lake. Wogaya chimanga amalipiritsa, kondakitala amalipiritsa. Chomwe chimandiwawa n'chakuti wogaya amakuuzani mtengo musanathire chimanga, pamene wobetcha amapatsidwa nambala yokhayo ya zomwe angawine, yolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu. Bungwe loyang'anira juga m'dziko muno, MAGLA, likanachita bwino kulamula kuti pambali pa maodi pazilembedwa gawo lomwe kampani ikutenga, makamaka pa matikiti a magemu ambiri. Mnyamata wa kabaza yemwe akuika K500 pa magemu khumi ali ndi ufulu wodziwa kuti zoposa K200 za ndalamayo si zakenso mpira usanayambe.

Pamene tikudikira zimenezo, inu amene mumabetcha, Loweruka likubwerali musanadine batani lotsimikiza tsegulani kakyuleta. Gawani 1 ndi odi iliyonse mwa zitatuzo, phatikizani, muone zomwe zapitirira 100. Ngati tikiti yanu ili ndi magemu angapo, chulukitsani zomwe gemu iliyonse ikubweza. Mukatero sankhani nokha ngati mtengo umenewo mukuufuna, ndipo ndalama yomwe muikepo ikhale yoti itapita pakhomo sagona ndi njala.